Mkulu ndi mng'ono pa mkeka umodzi: mafunso okhudza masewera ophunzitsana kuwerenga

M'midzi yozungulira Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, mwana wa Sitandade 2 atha kumaliza chaka chonse akuyankha mokuwa pamodzi ndi anzake m'kalasi yodzaza, osapeza mpata woti awerenge yekha munthu wina akumvetsera. Kalabu yowerenga ya masana imam'patsa womumvetsera, ndipo kawirikawiri womumvetserayo amakhala mwana mnzake amene anayamba kale kuwerenga. Makolo, a komiti ya sukulu ndi achinyamata odzipereka amene amayendetsa makalabuwa amafunsa mafunso ofanana, ndipo mayankho ake onse amabwerera pa chinthu chimodzi: pa ana awiri amene akhala pamodziwo, amene akuwerenga ndani?

Kodi masewera amenewa ndi otani, ndipo akusiyana bwanji ndi phunziro la m'kalasi?

Ana amakhala awiriawiri, wodziwa kuwerenga ndi wongoyamba kumene. Tiyeni tiziwatchula mkulu ndi mng'ono, ngakhale kuti nthawi zina msinkhu wawo susiyana kwenikweni. Pakati pawo pamakhala zitsekerero za mabotolo kapena timakadi todula ku katoni, zolembedwa malembo, maphatikizo kapena mawu. Masewerawo amakhala ndi lamulo losavuta komanso chowerengera zigoli, monga njere za chimanga. Kusiyana kwake ndi kalasi kuli pa kuchuluka kwa mwayi. M'kalasi ya ana ochuluka, mwana mmodzi akhoza kulozedwa kamodzi pa sabata, mwina osalozedwa n'komwe, ndipo poyankha pagulu amangotsatira mawu a anzake. Pa mphindi 15 za masewera a awiri, mng'ono amawerenga yekha kambirimbiri, ndipo akalakwitsa pali khutu limene lamva pompo.

Kodi zimenezi ndi zachilendo kuno?

Ayi. Vuto limene makalabu akulimbana nalo linakula mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, aphunzitsi ndi zipinda zophunziriramo zili zochepa. Bungwe la Save the Children linayamba ndondomeko yake ya Literacy Boost ku Zomba mu 2009, ndipo m'menemo munali misasa yowerengera ya m'midzi komanso kuphatikiza mwana wamkulu ndi wamng'ono kuti aziwerengera limodzi. Kuyambira mu 2013 mpaka 2016, ntchito ya EGRA, imene inkathandizidwa ndi USAID, inagwira m'zigawo za maphunziro 11, ndipo chimodzi mwa izo chinali cha kumadzulo kwa Lilongwe, kumene kuli sukulu zambiri za madera tikunenawa. Ntchitoyo inalimbikitsa malo owerengerapo m'midzi oyendetsedwa ndi anthu odzipereka. Mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse, imene aphunzitsi amangoitchula kuti NRP, ya Sitandade 1 mpaka 4.

Ngakhale zili choncho, kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndi amene anali ndi luso loyambira la kuwerenga. Chiwerengero chimenechi chili ndi tanthauzo kwa woyendetsa kalabu: ana odziwadi kuwerenga ndi ochepa, ndipo sangawapeze pongofunsa kuti "wa Sitandade 4 ndani pano?"

Kodi mwana angaphunzitse mwana mnzake? Si ntchito ya aphunzitsi imeneyi?

Kuphunzitsa chinthu chatsopano ndi ntchito ya aphunzitsi, ndipo kalabu isawalande. Mwana wa zaka 11 sangafotokoze bwino chifukwa chimene ng' ya mu ng'ombe ikusiyanira ndi ng ya mu ngolo, ngakhale iyeyo amawerenga mawu onsewa mosavuta. Chimene angathe ndi kuyeseza ndi mng'ono wake zimene aphunzitsi anaphunzitsa kale: kumuonetsa khadi, kumvetsera, kudikira, ndi kumukonza. Choncho woyendetsa kalabu azifunsa aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2 malembo amene afikapo, ndipo masewera azikhala pa malembo amenewo kapena a m'mbuyo mwake. Mabuku a Chichewa a masiku ano satsata ndondomeko ya alifabeti. Amayamba ndi malembo opezeka kawirikawiri m'mawu athu, a, n, i, k, u, m, e, t, o, amene aphunzitsi amawakumbukira ndi dzina loti anikumeto. Kalabu imene yayamba ndi a, b, c, d ikuyenda njira ina, ndipo mwana amasokonezeka pakati pa m'mawa ndi masana.

Mumadziwa bwanji wodziwa ndi wongoyamba? Kalasi imene mwana ali sikukwanira?

Sikukwanira. Mupeza mwana wa Sitandade 4 amene sangaphatikize m ndi a, komanso wa Sitandade 2 amene akuwerenga kankhani. Muyeseni mwana aliyense payekha, pambali, kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Konzani pepala limodzi lokhala ndi malembo 10, maphatikizo 10, mawu 10, ndime ya ziganizo zinayi, ndi kankhani kakafupi. Yambani ndi mawu. Akawerenga bwino anayi mwa asanu amene mwamulozera, pitani ku ndime, kenako ku nkhani ndi mafunso awiri. Akalephera, tsikirani ku maphatikizo, kenako ku malembo. Lembani m'kope pamene waima. Kuyesa kwa makwerero otereku kunatchuka ndi bungwe la Pratham ku India, ndipo anzathu a ku Zambia akukugwiritsa ntchito m'ndondomeko ya Catch Up imene inayamba kuyesedwa mu 2016, kuphatikizapo m'chigawo cha Kum'mawa kumene amawerenga Chinyanja. Chofunika ndi chakuti mawu ndi nkhani za papepalalo zisakhale zokopera m'buku la kusukulu, chifukwa ana ambiri analiloweza pamtima.

Ndiye wanzeru kwambiri apatsidwe wotsalira kwambiri?

Ambiri amaganiza choncho, koma awiri oterewa sachedwa kutopetsana. Mwana amene amawerenga nkhani mosadodoma anaiwala kalekale mmene zinkavutira kusiyanitsa u ndi n, ndipo amapsa mtima kapena kungomuuza mnzake mayankho. Njira yabwino ndi imene Doug ndi Lynn Fuchs a ku yunivesite ya Vanderbilt ku America amagwiritsa ntchito m'ndondomeko yawo ya PALS: kundandalika ana onse kuyambira wodziwa kwambiri, kugawa mndandandawo pakati, ndi kuphatikiza woyamba wa theka la pamwamba ndi woyamba wa theka la pansi.

Tiyerekeze kalabu ya ana 24. Mwayesa ndipo mwapeza kuti atatu akuwerenga nkhani, anayi ndime, asanu mawu, asanu ndi mmodzi maphatikizo okha, ndipo asanu ndi mmodzi otsalawo sanadziwebe malembo. Theka la pamwamba ndi nambala 1 mpaka 12, la pansi ndi 13 mpaka 24. Nambala 1 akhala ndi 13, nambala 2 ndi 14, mpaka nambala 12 akhale ndi 24. Onani zimene zachitika. Owerenga nkhani akumana ndi ana odziwa maphatikizo, amene akufunika kuwakokera ku mawu ndi ziganizo. Owerenga mawu okha akumana ndi osadziwa malembo, ndipo ntchito imeneyo angaithe bwino chifukwa iwowo adutsamo posachedwapa. Lamulo losasinthika ndi limodzi: mkulu aziwerenga khadi lililonse la m'masewera ake popanda kulakwitsa. Muyeseni asanakhale pansi ndi mng'ono.

Mndandanda si zonse, chifukwa ana ali ndi manyazi awo. Mnyamata wa zaka 12 amene wabwereza Sitandade 2 musamupatse kamtsikana ka zaka 8 kuti kamuphunzitse, ngakhale kakhale kodziwa chotani, mawa sabweranso. Mupezereni mnyamata wa Sitandade 6. Ana a bere limodzi ndi bwino kuwalekanitsa, chifukwa wamkulu anazolowera kulamula ndipo wamng'ono anazolowera kulira. Ana akayamba kusinkhuka, anyamata akhale ndi anyamata, atsikana ndi atsikana. Ndipo mndandandawo ukhale m'kope la woyendetsa kalabu, usawerengedwe pagulu. Ngati odziwa achepa, mkulu mmodzi atenge ang'ono awiri, koma akafika anayi yasanduka kalasi ndipo phindu lija latha.

Tafotokozani masewera amodzi bwinobwino. Amayenda bwanji?

Titenge masewera omanga mawu, a mwana amene akudziwa malembo koma sanayambe kuphatikiza. Kuchokera ku anikumeto mumapeza maphatikizo 20, kuyambira na, ne, ni, no, nu mpaka ta, te, ti, to, tu, kuwonjezapo malembo asanu a, e, i, o, u. Zonse ndi zitsekerero 25, koma musazipereke zonse tsiku limodzi. Yambani ndi zisanu ndi zitatu: a, na, ma, ta, ka, ku, me, tu. Lembani ndi malembo aang'ono, ofanana ndi a m'buku la kusukulu, ndipo mujambule kamzere pansi pa phatikizo lililonse kuti mwana adziwe kumunsi, chifukwa u akatembenuzika amasanduka n.

Zitsekerero zivundikiridwe pa mkeka. Mng'ono avundukule ziwiri, awerenge chilichonse, kenako aziike moyandikana ndi kuwerenga pamodzi, chala chake chikuyenda kuchokera kumanzere. Mkulu afunse: "Ndi mawu enieni amenewo?" Ngati ndi enieni, mng'ono anene chiganizo chokhala ndi mawuwo ndipo awiriwo aponye njere imodzi m'kachitini. Ngati si enieni, asinthanitse zitsekererozo ndi kuwerenganso. Zikakanabe, abweze chimodzi atenge china. M'zitsekerero zisanu ndi zitatuzi muli mawu ambiri: ana, kana, kama, meta, tuma, mame, ndipo akayamba kutola zitatu, kumeta, kutuma, atuma.

Muli mawu ena amene amagwira mwana wongolota. Tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 5 ali ndi mnyamata wa Sitandade 2. Mnyamata watola na ndi ma, wayala, wawerenga kuti nama. Mtsikana wasinthanitsa zitsekererozo.

"Nanga apa, werenga."

"Nama."

Mtsikanayo sanena kuti walakwa. Waphimba chitsekerero chachiwiri ndi chala chachikulu.

"Ichi chokha chikuti chiyani?"

"Ma."

"Nanga ichi?"

"Na. Ma, na. Mana! Achemwali, ngati kumana munthu nsima?"

"Eya, wakhoza. Ponya njere."

Pamenepa mnyamatayo waphunzira chinthu chimene ambiri amatha chaka asanachigwire, chakuti malo a phatikizo amasintha mawu. Mata ndi tama amagwira ntchito yomweyo. Meta ndi tema, mukadzawonjeza te, amamukakamiza kuyang'ana lembo lililonse. Akamaliza mawu asanu, mng'ono awalembe pa dothi ndi kamtengo osayang'ana zitsekerero. Mphindi 15 kapena 20 zakwana. Kupitirira apo ana amayamba kuponyerana zitsekererozo. Sabata iliyonse onjezani maphatikizo atatu kapena anayi, osachotsa akale onse, ndipo posakhalitsa, mukalemba a ndi ta pa zitsekerero zingapo, awiriwo adzayala chiganizo chathunthu ngati "Atate ameta ana."

Kwa amene sanadziwe malembo, masewera ake ndi opeza mnzake: malembo asanu, lililonse pa timakadi tiwiri, tovundikira, ndipo mwana satenga timakadi tofanana pokhapokha atatchula liwu lake. Kwa ana osakhazikika, jambulani mabokosi pa dothi, lembani phatikizo m'bokosi lililonse, mwana atchule asanadumphiremo. Mkulu azifufuta ndi kusintha malo a maphatikizo ulendo uliwonse, apo ayi mwana aloweza njira ya mapazi osati malembo.

Mng'ono akakakamira kapena akalakwitsa, mkulu achite chiyani?

Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa kalabu yothandiza ndi yongosonkhanitsa ana. Mwana wodziwa kuwerenga, mukamusiya yekha, amatchula mawu mnzake asanatsegule pakamwa. Sachita mwa nkhanza, amaona ngati akuthandiza, ndiponso amafuna njere zichuluke. Koma zili ngati kusewera bawo woonerera akukusunthira njere: masewera atha, iwe sunaphunzire kanthu. Ndiye akulu aphunzitsidwe masitepe atatu, ndipo awatsate mwa ndondomeko yake.

Poyamba adikire, akuwerenga chamumtima mpaka zisanu, manja ali pa maondo. Ana ambiri ongoyamba amafuna nthawi imeneyi basi, ndipo amapeza okha. Zikakanika, alozere popanda kutchula: aphimbe mbali ina ya mawu ndi kufunsa kuti "liwu loyamba ndi liti?" Zikakanikabe, atchule iye momveka, mng'ono abwereze chala chili pa malembo, ndipo khadilo libwezedwe pakati pa ena kuti lidzatulukenso posachedwa. Kudikira, kulozera ndi kuyamikira ndi njira imene akatswiri a ku New Zealand anaikonza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pothandiza makolo kuwerenga ndi ana awo, ndipo imagwiranso bwino pakati pa ana okhaokha.

Zimenezi sizilowa pongowauza. Kalabu isanayambe, khalani ndi akulu okha kawiri kapena katatu. Woyendetsa kalabu adziyese mwana wosadziwa, alakwitse dala, ndipo mkulu aliyense ayeseze kudikira. Pomwepo mukonzenso vuto lina lofala: ana a makalasi apamwamba amatchula malembo ndi mayina ake a Chingerezi. Dzina la Chingerezi la lembo e limamveka ngati i wathu, ndiye mng'ono akauzidwa choncho amawerenga mita pamene palembedwa meta. M'masewera a Chichewa azitchula maliwu, ndipo liwu la m lizimveka milomo yotseka, osawonjezapo u kapena a. Muwauzenso poyera kuti kutsina, kumenya m'mutu ndi kunena mnzawo kuti mbuli zimachotsetsa munthu pa udindo tsiku lomwelo. Ana amatengera mmene iwowo anaphunzitsidwira, ndipo ena mwa iwo anaphunzitsidwa ndi mkwapulo.

Woyendetsa kalabu asakhale pa mpando. Aziyenda pakati pa magulu akuyang'ana zinthu ziwiri: chala chimene chili pa khadi ndi cha ndani, ndipo pakamwa pamene pakutuluka mawu poyamba ndi pa ndani. Zonse ziwiri zikakhala za mkulu, awiriwo sakugwira ntchito, ngakhale kachitini kadzaze njere.

Mwana wanga amawerenga tsamba lonse la buku lake osalakwitsa. Akufunikanso kalabu?

Muyeseni kaye. Tsegulani tsamba lomwelo, phimbani chithunzi, ndipo lozani mawu a pakati pa mzere wachitatu. Kapena lembani mawu atatu a patsambalo pa pepala lina, mosinthanitsa. Akakhala chete, kapena akayamba kunena chiganizo choyamba cha tsambalo, ndiye kuti analoweza. Ana athu ali ndi makutu akuthwa, ndipo kubwereza pagulu kumawapatsa tsamba lonse pamtima. Chizindikiro china ndi maso: woloweza amayang'ana nkhope ya womufunsa kapena m'mwamba, wowerenga amayang'ana pa pepala ndipo amachedwa. Ine ndimakhulupirira kwambiri mwana amene akuvutika ndi mawu atsopano pang'onopang'ono kusiyana ndi amene akuthamanga pa tsamba lakale. Kuimba ma, me, mi, mo, mu motsatana, monga ankachitira a nthawi ya buku la Sosa, si kolakwika ngati poyambira, koma mwana amene amadziwa mo pokhapokha atayambira pa ma sanadziwe mo. Zitsekerero zovundikira zimachiza zimenezi chifukwa zimatuluka mosatsata nyimbo.

Nanga wamkuluyo sakutaya nthawi imene akanawerengera za mayeso ake?

Makolo a ana ochita bwino amadandaula zimenezi, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Mkulu amapindula pa zinthu zina: kumvetsera zolakwa za mnzake kumamuchititsa kuyang'anitsitsa kalembedwe, ndipo kuwerengera mng'ono nkhani mokweza kumasalalitsa kawerengedwe kake. Amene amapindula kwambiri ndi mwana wa Sitandade 4 kapena 5 amene akuwerenga modukizadukiza, chifukwa amabwereza maziko popanda manyazi, poti akuchita ngati mphunzitsi. Ku Fife, m'dziko la Scotland, kafukufuku wa m'sukulu za pulayimale 129 anapeza kuti kuphunzitsana kwa ana osiyana misinkhu kunathandiza pa kuwerenga kuposa kwa ana a msinkhu umodzi. Koma si nthawi zonse: ku England, kuyesa kwina kumene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, pakati pa ana a m'makalasi oyambirira a sekondale, sikunapeze kusintha. Kukhazika ana awiriawiri pakokha si mankhwala.

Choncho mkulu asakhale wantchito wa kalabu. Pa ola limodzi limene kalabu yakumana, theka likhale la awiriawiri, ndipo pakhale mphindi 15 zoti akulu awerenge buku la msinkhu wawo pamene ang'ono akumvera nthano kapena akulemba. Akhale oyamba kubwereka mabuku opita nawo kunyumba. A Sitandade 8 asiyeni, ali ndi mayeso awo.

Kodi pakhale mpikisano ndi mphoto?

Mkulu asapikisane ndi mng'ono wake, chifukwa wopambana akudziwika kale. Magulu asapikisanenso okhaokha, chifukwa mukatero mkulu aliyense ayamba kunong'oneza mayankho, ndipo kudikira kuja kwatha. Awiriwo azipikisana ndi chiwerengero chawo cha sabata yatha: Lachiwiri lapitalo njere zinali zisanu ndi ziwiri, lero tione. Mphoto za masiwiti ndi mabisiketi zimabweretsa ana ambiri sabata ziwiri, kenako zimabweretsa mkangano. Chimene chimagwira mtima wa mwana ndi kuwerenga pamaso pa anthu. Kumapeto kwa teremu itanani makolo ndi a mfumu, mng'ono awerenge ziganizo zimene sanazionepo, mkulu wake ataima pambali pake, ndipo mayina a onse awiri atchulidwe.

Mwana akadziwa maphatikizo osavuta, chotsatira n'chiyani?

Apa pali phiri limene makalabu ambiri amaima. Chichewa chimawerengedwa mmene chimalembedwera, ndipo ana a kuno ali ndi mwayi woti ndicho chiyankhulo cha pakhomo pawo. Koma chili ndi maphatikizo a malembo atatu, anayi, ngakhale asanu, monga mba, nkha, mphwa ndi ntchi, ndipo mwana amene amawerenga atate mosavuta amagwa pa nkhwangwa. Masewera oyenera pano ndi a mawu osiyana lembo limodzi: pala ndi phala, kola ndi khola, kala ndi khala, tumba ndi thumba. Mkulu atchule chiganizo ngati "Mbuzi zalowa m'khola", mng'ono atole khadi loyenera ndi kuloza lembo limene lasiyanitsa. Kuika chikhatho patsogolo pa pakamwa kumathandiza, chifukwa mpweya wa kh, ph ndi th umamveka pa khungu.

Nthawi yomweyo ayambe kuwerengera limodzi kabuku. Njira imene Keith Topping anaifalitsa ku Britain ndi iyi. Awiriwo amawerenga mokweza pamodzi, mkulu akutsata liwiro la mng'ono, chala chili cha mng'ono. Mng'ono akadzimva kuti angathe yekha, amagogoda pa buku ndipo mkulu amakhala chete. Akakakamira kupitirira masekondi anayi kapena asanu, mkulu amatchula mawuwo, mng'ono amabwereza, ndipo amayambanso limodzi mpaka atagogodanso. Pano salozerana maliwu, chifukwa cholinga ndi chakuti nkhani isaduke. Kabukuko kakhale koti mng'ono sakulephera mawu opitirira amodzi pa khumi aliwonse. Akamalephera ambiri, kasintheni. Pomaliza tsamba mkulu afunse kuti "chachitika n'chiyani?" ndiponso "ukuganiza kuti chitsatire n'chiyani?" Mwana amene watchula mawu onse koma sangafotokoze nkhaniyo abwereze tsambalo kachiwiri. Mabuku akasowa, ana a Sitandade 6 alembe nthano za kwawo m'ziganizo zazifupi pa makatoni, aphunzitsi aone kalembedwe zisanaperekedwe.

Ana amajomba kwambiri nyengo ya dzinja. Awiriawiriwo angapitirire bwanji?

Kuno ndi kwa fodya, mtedza, soya ndi chimanga, ndipo ana aakulu, amene ndiwo akulu a m'kalabu, ndi amene amafunidwa kumunda ndi kuchigafa. Januwale ndi Febuluwale amabwera ndi njala, mvula ya masana ndi mitsinje yodzaza. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, choncho kuyesa ana, kuphunzitsa akulu ndi kukhazikitsa chizolowezi zichitike mvula isanagwe. Mng'ono aliyense akhale ndi mkulu wachiwiri wodziwika kale, woti alowe m'malo tsiku limene woyamba sanabwere. Kathumba ka zitsekerero kalembedwe dzina la mng'ono, kuti aliyense amene wakhala naye adziwe pamene wafika. Kumbukiraninso kuti ang'onoang'ono amaweruka msanga kuposa a makalasi apamwamba, ndipo kuwasunga pasukulu ndi njala kudikira akulu awo n'kosathandiza. Kalabu ya m'mudzi, yokumana ana atadya, kawiri pa sabata, pamalo oonekera ndi munthu wamkulu alipo, ndi kuweruka dzuwa lidakalipo, imakhalitsa. Masiku ake agwirizanidwe ndi a mfumu ndi makolo kuti asawombane ndi tsiku la msika, zochitika za mpingo kapena miyambo ya m'mudzi.

Mungadziwe bwanji kuti zikuthandiza, ndipo mwana amene sakusintha mumatani naye?

Pakatha masabata asanu ndi limodzi, yesaninso ana onse ndi pepala la makwerero aja, koma la mawu ena ofanana kuvuta kwake. Kwa owerenga ndime, werengani mawu amene akhoza pa mphindi imodzi ndi kuyerekeza ndi ulendo woyamba. Kenako konzaninso mndandanda ndi kusintha magulu. Ena amene anali ang'ono akhala akulu a ongobwera kumene. Ngati ana ambiri sanasunthe, vuto lili pa kalabu, ndipo kawirikawiri ndi limodzi mwa atatu awa: akulu akutchula mayankho, makadi ndi omwe aja a mwezi watha, kapena masewera ndi ovuta kuposa pamene mwana ali.

Ngati ndi mwana mmodzi yekha, amene amabwera mokhulupirika koma sanasunthe ulendo woyamba ndi wachiwiri, yambani mwam'sinthira mkulu ndi kuchepetsa zitsekerero kufika pa zitatu. Zikapanda kusintha, musam'senzetsenso mwana mnzake katundu ameneyo. Onani ngati amayandikitsa khadi kumaso kapena kutsinzinira, ngati amatembenuzira khutu limodzi kwa wolankhula, ngati khutu limatuluka mafinya, kapena ngati samva mukam'yitana ali chofulatira. Zikatero makolo apite naye kuchipatala chapafupi, kaya ku Kabudula, ku St Gabriel ku Namitete kapena kuchipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Maso ndi makutu zikapezeka zili bwino, tengani kope lija mupite nalo kwa aphunzitsi ake ndi kwa ahedi, muwaonetse malembo amene amasokoneza ndi masiku amene munamuyesa, ndipo muwapemphe kuti kudzera kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni mwana aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Kukalabu azibwerabe, koma masewera ake aziyendetsa munthu wamkulu.